Kadontho kamene kanatsika pansi pa mzere: kuwerenga tchati cha malire pa ntchito yolongedza mpunga

Alamu anga amayang'anira ntchito pa kafakitale kena kuno ku Zomba kamene kamagula mpunga kwa alimi a m'chigwa cha Nyanja ya Chilwa, makamaka cha ku Likangala ndi ku Domasi, n'kuupuntha ndi kuulongedza m'mapaketi a kilogalamu imodzi. Tsiku lina chakumadzulo ananditumizira pa foni chithunzi cha pepala limene limakhomedwa pakhoma pafupi ndi makina olongedzera, ndipo pansi pake analemba kuti: "Alamu, taonani kadontho ka 10:30 aka. Katuluka kunja kwa mzere, koma timadontho totsatira tabwerera m'kati. Kodi pali chodetsa nkhawa?" Yankho lalifupi linali lakuti inde chilipo, koma kuti yankholo limveke pafunika kufotokoza kuti mizere ya papepalalo inachokera kuti ndiponso kuti imanena chiyani.

Pepala lotereli ndi limene m'nkhani ino ndikulitcha tchati cha malire. Analiyambitsa ndi Walter Shewhart, katswiri wa ku Amereka amene ankagwira ntchito pa kampani yopanga zipangizo za matelefoni, m'chaka cha 1924. Mfundo yake inali yakuti palibe makina kapena munthu amene amatulutsa zinthu ziwiri zofanana ndendende, choncho kusiyana kulipo nthawi zonse, koma kuli pawiri. Pali kusiyana kwa masiku onse, kumene kumabwera ndi tizifukwa tambirimbiri tating'onoting'ono timene sitingalozedwe ndi chala, monga kunjenjemera kwa makina ndi mmene mbewu za mpunga zagonerana m'kapu yoyezera. Palinso kusiyana kumene kumabwera ndi chifukwa chapadera, chinthu chimodzi chimene chasintha ndipo munthu atachifufuza angachipeze. Ntchito ya tchati ndi kulekanitsa ziwirizi, kuti munthu asataye nthawi kufufuza chifukwa pamene palibe, komanso asakhale chete pamene chilipo.

Makina a pa kafakitaleka sayeza kulemera kwa mpunga polongedza. Amadzaza kapu yachitsulo imene kukula kwake kumasinthidwa ndi kachitsulo kopotokola, kenaka amakhuthulira mpungawo m'paketi. Pofuna kudziwa ngati mapaketi akulemera moyenera, mnyamata woyendetsa makina amatenga mapaketi asanu otsatizana pa mphindi 30 zilizonse, amawaika pasikelo imodziimodzi, ndipo amalemba zinthu ziwiri. Choyamba ndi avereji ya mapaketi asanuwo, ndiko kuti kuphatikiza kulemera kwawo konse n'kugawa ndi 5. Chachiwiri ndi mpata, kutanthauza kusiyana kwa paketi yolemera kuposa onse ndi yopepuka kuposa onse. N'chifukwa chake pepalalo lili ndi matchati awiri, cha avereji pamwamba ndi cha mpata pansi, ndipo chilichonse chimalandira kadontho kamodzi pa kuyeza kulikonse.

Mapaketi asanuwo ayenera kukhala otsatizana pa chifukwa chomveka. M'kanthawi kochepa kamene makina amatulutsa mapaketi asanu, si kawirikawiri kuti chinthu chachikulu chisinthe, motero mpata wa pakati pawo umaonetsa kusiyana kwa masiku onse kokhakokha. Mnyamatayo akamatola paketi imodzi m'mawa, ina masana, ina pa mulu wa dzulo, mpatawo umakula chifukwa umameza zosintha zonse za tsikulo, malire amatalikirana, ndipo tchaticho chimasiya kuona zimene chinapangidwira kuti chiziona.

Malire a tchati cha alamu angawa tinawawerengera limodzi miyezi ingapo m'mbuyomo, titasonkhanitsa magulu 25 a mapaketi asanuasanu pa masiku amene ntchito inkayenda popanda chachilendo. Avereji ya magulu onsewo inali magalamu 1008, ndipo imeneyi ndiyo inakhala mzere wapakati. Avereji ya mipata yonse inali magalamu 12. Kuchokera pa manambala awiriwa malire amapezeka motere, ndipo zilembo za kumanzerezi ndi zimene zimalembedwa kumapeto kwa mizere pa matchati ambiri, UCL ya malire a pamwamba ndi LCL ya malire a pansi:

```
UCL = 1008 + 0.577 × 12 = 1014.9
LCL = 1008 − 0.577 × 12 = 1001.1
```

Nambala ya 0.577 sinachokere m'mutu mwa munthu. Imapezeka m'matebulo a ntchitoyi, momwe imalembedwa kuti A2, ndipo ndi ya magulu a zinthu zisanu basi. Gulu likakhala la zinthu zinayi nambalayo imakhala 0.729. Pa tchati cha mpata, malire a pamwamba amapezeka pochulukitsa 12 ndi 2.114, zimene zimapereka magalamu 25.4, pamene malire a pansi pa magulu a zisanu amakhala pa 0.

Manambala a m'matebulowa anakonzedwa kuti malire akhale pa mtunda wa masigima atatu kuchokera pa mzere wapakati. Sigima ndi muyeso wa mmene zinthu zimamwazikirana kuzungulira avereji yake. Ngati palibe chimene chasintha pa makina, ndipo maavereji akumwazika mwa njira imene amamwazikira kawirikawiri, timadontho pafupifupi 997 pa 1000 tiliwonse timagwera m'kati mwa malirewo, ndipo kamodzi kokha pa timadontho pafupifupi 370 kamatuluka kunja popanda chifukwa chenicheni. Pa kafakitale kamene kamalemba timadontho 16 patsiku, chenjezo labodza lotere lingayembekezeke pafupifupi kamodzi pa mwezi wa ntchito. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya kadontho kotuluka kunja. Popeza mwangozi zimachitika mwa apo ndi apo chonchi, munthu akaona kadontho kunja ayenera kuyamba ndi kuganiza kuti china chake chasintha, ndipo apite akachione nthawi yomweyo mpunga ndi makina zidakali mmene zinalili.

Chithunzi chimene ndinalandira chinajambulidwa chammbali, wojambulayo ataima kumanja kwa pepala, ndipo mizere imene papepala ndi yowongoka inkaoneka yopendekeka. Pa chithunzi chotere kadontho kamene kali pafupi ndi malire kangaoneke ngati kali pamzere penipeni kapena ngati kadutsa, malinga ndi pamene wojambula waima. Kumutu kwa pepala, kumene kumalembedwa tsiku, dzina la makina ndi kukula kwa gulu, kunali kutadulidwa. Ndinawapempha kuti ajambulenso ataima kutsogolo kwenikweni kwa pepalalo, kuti mutu wake uoneke, matchati onse awiri aoneke, ndiponso kuti tebulo la manambala limene lili m'munsi mwake liwerengeke. Ineyo sindigamula kanthu pa kadontho ndisanaone manambala amene anakabala, chifukwa chimodzi mwa zifukwa zofala za kadontho kotuluka kunja ndi kulakwitsa pophatikiza, pogawa kapena poika cholembera pa bokosi lolakwika la pepala. Kufufuza zimenezi kumatenga mphindi imodzi ndipo kumapulumutsa anthu ku ntchito yomasula makina abwinobwino.

Chithunzi chachiwiri chinaonetsa kuti mapaketi asanu a 10:30 analemera magalamu 1001, 996, 1003, 997 ndi 999. Kuphatikiza kumapereka 4996, ndipo kugawa ndi 5 kumapereka 999.2. Mnyamatayo sanalakwitse masamu. Avereji ya 999.2 ili pansi pa malire a 1001.1 ndi magalamu pafupifupi awiri, choncho kadonthoko kanalidi kunja.

Ndisanayang'ane china chilichonse pa tchati cha avereji, ndinayang'ana cha mpata, ndipo ndimalangiza aliyense kutsata dongosolo limeneli, popeza malire a avereji amawerengeredwa kuchokera ku mpata, ndiye mpatawo ukakhala wosokonekera malire enawo sangadaliridwe. Mpata wa 10:30 unali 1003 kuchotsapo 996, amene ndi magalamu 7, ndipo mipata ya tsiku lonselo inali pansi pa 25.4, ikukwera ndi kutsika mozungulira 12 monga mwa nthawi zonse. Zimenezi zinatiuza zambiri za mtundu wa vutolo. Kukanakhala kuti kachitseko kotsekera kapu kakukanirira mwa apo ndi apo, kapena kuti paketi imodzi inatayikira mpunga posoka, tikanaona paketi imodzi yopepuka kwambiri pakati pa anzake abwino, ndipo mpata ukanalumpha. Apa mapaketi onse asanu anatsikira pamodzi osamwazikana. Chimene chinasintha chinakhudza paketi iliyonse mofanana, ndipo zinthu zotere ndi zochepa: kapu yasunthidwa, sikelo yasuntha kapena yapendekeka, kapena mpunga wolowa m'makina ndi wina.

Alamu anga anali ndi mfundo imene anthu ambiri amakhala nayo, ndipo siyenera kupeputsidwa. Anati: "Koma alamu, 999 ndi kilo basi. Galamu imodzi ingavute ndani?" Apa pamasakanikirana mizere ya mitundu iwiri. Nambala ya 1000 imene yalembedwa pa paketi ndi lonjezo kwa wogula, ndipo kuona kuti masikelo ndi miyezo ya malonda ndi yoona ndi ntchito ya bungwe loona za miyezo ya katundu m'dziko muno. Malire a patchati si lonjezo kwa aliyense. Amachokera m'makina enieniwo ndipo amangonena mmene makinawo amagwirira ntchito akakhala kuti sanasokonezedwe. Kadontho ka 999.2 sikanali kunena kuti mapaketi asanu aja ndi oipa. Kanali kunena kuti makina amene anazolowera kutulutsa avereji ya 1008 sakuteronso. Pa chifukwa chomwechi sindikonda kuona mzere wa 1000 utajambulidwa pa tchati cha avereji, chifukwa maso a anthu amathamangira ku mzere umenewo n'kuiwala malire enieni.

Palinso kulakwitsa kwina kofanana nako, kumene ndi kuyerekeza paketi imodzi ndi malire a avereji. Avereji ya zinthu zisanu simwazika kwambiri ngati chinthu chimodzi pachokha, chifukwa yolemera ndi yopepuka zimafafanizana. Pa makinawa sigima ya paketi imodzi imapezeka pogawa 12 ndi 2.326, nambala inanso ya m'matebulo, ndipo imakhala magalamu pafupifupi 5.2. Izi zikutanthauza kuti ngakhale zonse zili bwino, paketi imodzi ingalemere paliponse kuyambira cha m'ma 992 mpaka cha m'ma 1024. Munthu amene watola paketi imodzi ya 998, n'kuona kuti ili pansi pa 1001.1, n'kuthamangira kukapotokola kapu, wawerenga tchati molakwika.

Tsopano tifike pa funso lenileni la alamu anga, lakuti timadontho totsatira tinabwerera m'kati. Kuyambira 10:30 maavereji anali 999.2, 1003.4, 1002.0 ndi 1004.6, ndipo atabwerako ku nkhomaliro anali 1001.8, 1003.8, 1002.6 ndi 1003.0. N'zoona kuti asanu ndi awiri omalizawa ali pamwamba pa 1001.1. Koma onse asanu ndi atatu ali pansi pa mzere wapakati wa 1008, ndipo palibe ngakhale kamodzi kamene kanayandikira mzerewo. Makina akakhala kuti sanasinthe, kadontho kalikonse kamakhala ndi mwayi wofanana wogwera pamwamba kapena pansi pa mzere wapakati, monga mmene ndalama yachitsulo yoponyedwa m'mwamba imagwera mbali iyi kapena inayo. Kuti igwere mbali imodzi yosankhidwiratu kasanu ndi katatu motsatizana, mwayi wake ndi umodzi pa 256. N'chifukwa chake pa malamulo owerengera tchati amene kampani ya Western Electric inafalitsa mu 1956 pali lakuti timadontho tisanu ndi titatu totsatizana mbali imodzi ya mzere wapakati ndi chenjezo, ngakhale tonse titakhala m'kati mwa malire.

Avereji ya timadontho tisanu ndi titatu tija ndi magalamu pafupifupi 1002.5. Pamenepo ndi pamene makina anasamukira, kutsika ndi magalamu asanu ndi theka. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti malo atsopanowa akadali m'kati mwa malire, pamwamba pang'ono pa 1001.1, moti mwa timadontho tinayi tiliwonse kamodzi kokha ndi kamene kangayembekezeke kutuluka kunja, titatu totsalato n'kumagwera m'kati. Choncho kadontho kotsatira kakagwera m'kati, si umboni woti vuto latha. Makinawo sanabwerere kumene anali. Kadontho ka 10:30 kanali koyamba chabe kulengeza kusinthaku, ndipo maola anayi anadutsa anthu akuyembekeza kuti kena katulukenso.

Maola anayiwo anali ndi mtengo wake, ndipo ungawerengedwe. Makina ali pa 1008, mapaketi pafupifupi 6 pa 100 aliwonse ankalemera pansi pa magalamu 1000. Atasamukira pa 1002.5, kumwazikana kuli komweko, mapaketi pafupifupi 30 pa 100 aliwonse anali pansi pa 1000. Galamu imodzi imene inkaoneka pa kadontho kaja inali kubisa kusintha kumeneku. Nambala ya 6 pa 100 ija nayonso ndinaisonyeza kwa alamu anga, chifukwa ikuonetsa kuti makina angakhale okhazikika bwinobwino, timadontho tonse tili m'kati, komabe n'kumatulutsa mapaketi ena osakwana. Kuchepetsa 6 ameneyo si ntchito ya mnyamata woyendetsa makina. Kumafuna kuti eni ake akweze avereji, zimene ndi kupatsa ogula mpunga wochulukirapo, kapena agule makina osamwaza kwambiri.

Chifukwa chake sichinapezeke pa tchati, chifukwa tchati chimangouza munthu nthawi imene ayenera kufufuza. Funso linali lakuti chinachitika n'chiyani pakati pa 10:00, pamene kadontho kanali pamalo ake, ndi 10:30. M'mawa mwake alamu anga anayamba ndi sikelo. Anaikapo mwala woyesera wa kilogalamu imodzi umene amasunga mu ofesi, ndipo sikeloyo inawerenga bwino. Anafunsa mnyamata uja ngati anakhudza kapu, iye anati sanaikhudze, ndipo chizindikiro cha penti chimene chili pa kachitsulo kopotokola chinali pamalo pake. Kunatsala mpunga. Buku la kosungira katundu linaonetsa kuti cha m'ma 10:10 matumba akale anatha ndipo anayamba kuthira mpunga wopunthidwa kuchokera ku katundu wina, wa mbewu zazitali ndiponso wosasweka kwambiri. Mpunga wokhala ndi tizidutswa tambiri umadzaza mipata ya pakati pa mbewu ndipo kapu imalemera. Mbewu zazitali zathunthu zimasiya mipata yambiri, choncho kapu yomweyo, yodzaza mofanana, imapepuka. Kuti atsimikize, anadzaza chitini chimodzi ndi mpunga wakale umene unatsalira pansi pa thumba, kenaka ndi watsopanowo, n'kusalaza pamwamba ndi kuyeza, ndipo watsopanowo unapepukadi. Mpunga wabwino kuposa wakale ndi umene unabweretsa mapaketi osakwana, ndipo palibe wantchito amene analakwa.

Apa ndiyenera kunenapo za mnyamata uja, chifukwa anachita chinthu chimodzi bwino kwambiri: analemba kadonthoko pamene kanagwera. M'malo ambiri ogwirira ntchito, kadontho kotuluka kunja kamatsatiridwa ndi kukalipiridwa, ndipo sipatenga nthawi antchito asanaphunzire kuyezanso mapaketi ena mpaka atapeza asanu okoma, kapena kukweza cholembera pang'ono kuti kadonthoko kakhale m'kati. Tchati chimene timadontho take tonse takhala m'kati kwa miyezi yambirimbiri, kapena timene tamatirira pafupi kwambiri ndi mzere wapakati, chimandikayikitsa kuposa chimene chili ndi kadontho kunja mwa apo ndi apo. Chimene chinasowa pa tsikuli n'chakuti mnyamatayo sanauzidwepo zoti achite akaona kadontho kunja, ndiye anangolemba n'kupitiriza ntchito.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yofunika mofanana, ngakhale kuti pa tsikuli sinachitike. Anthu akalumidwa kamodzi ndi vuto ngati ili amayamba kupotokola kapu pa kadontho kalikonse: avereji ikakhala 1005 amakulitsa kapu, ikakhala 1011 amaichepetsa. Timadontho tiwiriti tili m'kati mwa malire ndipo ndi kusiyana kwa masiku onse, kumene kulibe chifukwa chimodzi choti n'kukonza. Wokulitsa kapu chifukwa cha 1005 wasuntha makina amene anali pamalo oyenera, ndipo kadontho kotsatira kamanyamula kusiyana kwake kwachibadwa kuphatikizapo kusuntha kumene iye wawonjezera. Mapeto ake mapaketi amamwazikana kuposa mmene akanamwazikirana makinawo akanangosiyidwa. Kadontho kotuluka pamwamba pa 1014.9 nakonso ndi chenjezo lofanana ndi kotuluka pansi, ngakhale kuti palibe wogula amene angadandaule: magalamu 6 owonjezera pa paketi iliyonse mwa mapaketi 2000 ndi makilogalamu 12 a mpunga operekedwa ulere.

Zimene anachita pa kafakitaleka zinali zochepa. Mapaketi amene analongedzedwa kuyambira 10:10 anapatulidwa n'kuyezedwa imodziimodzi, ndipo osakwana anamasulidwa kuti mpunga wake ubwerere m'makina. Kapu inakulitsidwa kamodzi kokha, pang'onopang'ono, mpaka magulu atatu otsatizana atagwera pafupi ndi 1008. Malire sanawerengeredwe mwatsopano, chifukwa makina anabwezeredwa pamene anali ndipo mpata sunasinthe. Timadontho tisanu ndi titatu tija tinazunguliridwa ndi cholembera chofiira kuti tisadzalowe m'masamu tsiku limene malire adzawerengeredwenso, popeza kuphatikiza timadontho tokhala ndi chifukwa chodziwika kumakokera mzere wapakati kumalo olakwika. M'munsi mwa pepala anawonjezera mzere wolembapo zochitika, monga kusintha kwa katundu wa mpunga, kuzima kwa magetsi ndi kusinthana kwa oyendetsa makina, chilichonse ndi nthawi yake. Anagwirizananso kuti nthawi iliyonse imene athira mpunga wa katundu wina, mnyamatayo aziyeza mapaketi asanu nthawi yomweyo osadikira kuti mphindi 30 zikwane, ndipo kadontho kakatuluka kunja aziimitsa makina, kubwereza masamu, n'kuitana woyang'anira asanakhudze kapu.